Kalata Yoperekeza Phukusi la Achimwene ku Glasgow

Phukusi lochoka ku Malawi kupita kwa m'bale amene akuphunzira kunja limanyamula mapepala awiri. Loyamba limamatidwa kunja kwa katoni. Imeneyi ndi fomu ya kasitomu, yolembedwa m'Chingerezi, yoti awerenge ogwira ntchito pachipata cha dziko la eni. Lachiwiri limagona m'kati, pamwamba pa katundu, ndipo ndi kalata ya kubanja. Mabanja ambiri amatha masiku akusakasaka usipa wabwino, kusinja nsinjiro ndi kusankha chitenje, koma mapepala awiriwa amawalemba mothamanga, ataimirira pa kauntala ya positi ofesi, ndi cholembera chobwereka. Mavuto ambiri a phukusi amayambira pomwepo. Fomu ikanena china, kalata n'kunena china, katoni imatsegulidwa, imachedwa, mwina wolandirayo amalipitsidwa ndalama zomwe sanakonzekere. Kalata ikapanda kufotokoza, mphatso imafika yosadziwika mwini wake, ndipo zina zimawonongekera m'kabati chifukwa palibe ananena kuti ziyambe kudyedwa ndi ziti.

Titenge chitsanzo chimodzi, tichitsate mpaka kumapeto. Mlongo ali ku Lilongwe, achimwene ake ali ku Glasgow, m'dziko la Scotland, komwe akuchita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Anapita mu Sepitembala, nthawi yomwe mayunivesite a ku Britain amatsegulira, ndipo banja likufuna kuti phukusi liwapeze Khirisimasi isanafike. Ndi nthawi yoyenera kuwakumbukira. Mu Disembala dzuwa ku Glasgow limalowa 4 koloko yamadzulo isanakwane, kuzizira kumakhala kwadzaoneni, ndipo ophunzira a konko akabalalika kupita kwawo kutchuthi, m'mahositelo mumatsala alendo okhaokha.

Zololedwa kulowa ndi zoletsedwa

Kalata imalembedwa pomaliza, koma zimene idzanene zimatsimikizika pa tsiku losankha mphatso. Dziko la Britain lili ndi malamulo a zakudya zomwe munthu angalowetse zochokera kumaiko ngati kwathu kuno, ndipo malamulowa sasiyanitsa chikwama cha wapaulendo ndi phukusi la papositi.

Nyama ndi mkaka n'zoletsedwa kotheratu. Nyama yofutsa, soseji, mbewa, mbalame zowamba, mkaka waufa wa m'tiyi, zonsezi zikapezeka amalanda n'kuziwononga, ngakhale zitakhala zouma gwa kapena zotsekedwa bwino. Anthu ena amaona ngati n'kunyoza chakudya chathu, koma chifukwa chake ndi matenda a ziweto. Tizilombo toyambitsa chigodola cha nkhumba timakhalabe ndi moyo m'nyama youma kwa nthawi yaitali. A ku Britain sanaiwale chaka cha 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka pa khola lina la nkhumba zomwe zinkadyetsedwa zotsala za m'malo odyera, n'kufalikira dziko lonse, mpaka ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Mlimi aliyense wa kwathu amene khola lake linaseseka ndi chigodola angamvetse chifukwa chomwe salekerera ngakhale kachidutswa.

Nsomba ndiye zili ndi mwayi. Zouma, zowamba kapena zophikidwa zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu mmodzi. Choncho usipa, utaka, matemba ndi chambo chowamba zingathe kuyenda. Uchi umaloledwa mpaka makilogalamu 2. Zipatso zambiri zaziwisi, ndiwo zamasamba zaziwisi ndi mbewu zokabzala zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo banja lotumiza kaphukusi ka Khirisimasi silingavutike nacho. Ndiye kuti kambuzi wamuwisi, mbatata ndi njere za maungu zitsale. Zokonzedwa kale, monga mtedza wosenda wokazinga, chiponde, tiyi, khofi ndi mpunga, zimadutsa. Malamulowa amasintha nthawi ndi nthawi, makamaka kukabuka matenda kwinakwake, choncho achimwenewo ayang'ane pa tsamba la boma la Britain phukusi lisanamangidwe. Iwo ndi amene ali pafupi ndi nkhaniyo, ndipo sizitenga nthawi.

Palinso zoletsa za ndege, zomwe n'zosiyana ndi za kasitomu. Mafuta onunkhiritsa opopera, utoto wa zikhadabo, machesi ndi mabatire a foni oyenda okha saloledwa m'phukusi la pandege chifukwa amatha kuyaka. Ndalama nazo zisaikidwe m'kalata.

Tsono pali funso lomwe lamulo silingatiyankhire: kodi chinthucho n'choyenera mtengo wotumizira? Positi imalipitsa potengera kulemera, ndipo chinthu choyamba chimene amayi amaganizira, ufa, ndicho cholemera kwambiri. M'mizinda ikuluikulu ya ku Britain muli masitolo a zakudya za ku Africa momwe ufa wa chimanga choyera umapezeka. Ngakhale mpunga wa Kilombero wa ku Karonga wakhala ukugulitsidwa ku Scotland kudzera m'bungwe lomwe linkatchedwa Just Trading Scotland. Nsima achimwene aphika ndi ufa wa konko. Chimene akusowa ndi ndiwo za kwawo, ndipo ndiwo zouma n'zopepuka. Ine ndimalangiza kuti kilogalamu iliyonse yomwe ikanapita ku ufa ipite ku usipa, nsinjiro ndi mfutso.

Banja lathu lasankha motere: usipa wouma magalamu 500, nsinjiro magalamu 400, paketi ya tiyi ya magalamu 250, mfutso wa nkhwani magalamu 100, kambuzi wouma wopera magalamu 50, shati ya chitenje ya magalamu 300, ndi chipewa choluka cha magalamu 100. Zonse pamodzi ndi magalamu 1,700. Kuwonjeza katoni ndi zokulungira, phukusi likutsala pang'ono kukwana makilogalamu 2. Malire amenewa ndi ofunika, chifukwa m'dongosolo la mapositi a dziko lonse, kaphukusi kosapitirira makilogalamu 2 kamatha kuyenda m'gulu la makalata, pomwe choposa apo chimalowa m'gulu la maphukusi akuluakulu, omwe mitengo yake ndi mafomu ake ndi ena. Muyese pa sikelo kunyumba kapena pa golosale musanatseke.

Fomu ya kunja ndi nkhani ya msonkho

Ku positi ofesi adzakupatsani fomu yotchedwa CN22 ngati kaphukusi n'kakang'ono ndiponso kotsika mtengo, kapena CN23 ngati n'kakulu. Mafomuwa ndi ofanana m'maiko onse a m'bungwe la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1874. Amafunsa zinthu zochepa: m'katimo muli chiyani, n'zingati, n'zolemera bwanji, mtengo wake ndi wotani, ndipo kodi ndi mphatso kapena malonda.

Anthu ambiri amalakwitsa pa funso loyamba. Amangolemba kuti zakudya, kapena mphatso, n'kusiya pomwepo. Wa kasitomu akawerenga kuti zakudya, sadziwa ngati muli nyama, ndipo njira yodziwira ndi kutsegula. Ena amalemba maina athu, usipa, nsinjiro, mfutso, omwe munthu wa ku Britain sangawamve. Chilichonse chilembedwe pa mzere wakewake m'Chingerezi chosavuta, kunena chimene chinthucho chili: nsomba zing'onozing'ono zouma, ufa wa mtedza, masamba a maungu ophika n'kuumitsa, tsabola wopera, shati ya thonje. Ganizirani momwe mfutso wopanda dzina umaonekera kwa munthu yemwe sanauonepo: masamba ouma obiriwira, m'jumbo, ochokera ku Malawi. Sangaudutsitse osaufufuza, ndipo sitingamunene. N'chimodzimodzi ndi ufa uliwonse woyera kapena mizu ya mankhwala achikuda. Mizu ndi makungwa ndi bwino zisayende n'komwe.

Pa mtengo ndi pomwe pali yesero. Ku Britain mphatso yotumizidwa ndi munthu kwa munthu mnzake, ya pa nthawi ngati Khirisimasi kapena tsiku lobadwa, silipira msonkho wa VAT ngati mtengo wake sukupitirira mapaundi 39. Ikapitirira apo msonkho umalowa, ndipo ikapitirira mapaundi 135 pamabweranso msonkho wina wa pachipata. Wolipira si wotumiza ayi, koma wolandira, ndipo samupatsa phukusi mpaka atalipira.

Tiwerengere. Tiyerekeze kuti banja lasangalala kwambiri, laika zitenje, malaya osokedwa ndi ziboliboli za mtengo wa mapaundi 60, ndipo kutumiza kwadya ndalama zofanana ndi mapaundi 40. Msonkhowo amauwerengera pa zonse, katundu ndi mtengo wotumizira, ndiye kuti pa mapaundi 100. Pa katundu ngati zovala za akuluakulu msonkho ndi mapaundi 20 pa 100 alionse. Pamwamba pake kampani yopereka phukusi imawonjeza yake yogwirira ntchitoyo, yomwe m'zaka zapitazi yakhala mapaundi 8 ku Royal Mail. Achimwene afunika kutulutsa mapaundi 28 kuti alandire mphatso yawo. Kwa wophunzira wodalira ndalama za sikolashipu, imeneyo ndi ndalama ya chakudya cha masiku angapo.

Njira yopewera si kunama. Kulemba mtengo wabodza kumachititsa kuti a kasitomu aike mtengo wawo akaona kuti sizikugwirizana, ndipo phukusi likatayika, chipukutamisozi chimatsata zomwe munalemba. Njira yabwino ndi kusankha mphatso zomwe mtengo wake weniweni uli pansi pa malire, kusunga malisiti, ndi kulemba mtengo wa chilichonse posonyeza bwino ndalama yomwe mwagwiritsa ntchito, kwacha kapena mapaundi. Phukusi la banja lathu, la usipa, tiyi ndi shati imodzi, lingathe kukhala pansi pa mapaundi 39 mosavuta. Musalembe kuti chinthu chilibe mtengo chifukwa chakuti chinalukidwa pakhomo. Chipewa cha amayi chipatsidwe mtengo wa ulusi wake. Lamulo lilinso ndi mpata wina: ngati m'katoni imodzi muli mphatso za anthu angapo, aliyense amapatsidwa malire ake a mapaundi 39, bola mphatso iliyonse ikulungidwe payokha, ilembedwe dzina la mwini wake, ndipo itchulidwe payokha pa fomu.

Kumanga

Pa kumanga ndinena zochepa, koma zimene zimawononga maphukusi ambiri. Mdani wamkulu ndi chinyezi, wachiwiri ndi fungo. Usipa ukhale wouma mothyoka ukaupinda. Wopindika osathyoka udakali ndi madzi, ndipo ukatsekeredwa m'pulasitiki kwa masabata angapo umachita nkhungu. Uyanikidwenso padzuwa tsiku lathunthu, uzizire, kenako ulowe m'majumbo awiri kapena atatu otsekedwa ndi selotepi, makamaka m'kachitini kotsekeka bwino. Tiyi amayamwa fungo la chilichonse chomwe wagona nacho pafupi, ndipo nsalu nayo n'chimodzimodzi. Tiyi ndi shati zikhale m'majumbo awoawo, kumbali ina ya katoni. Mtedza wa nsinjiro usankhidwe umodziumodzi, kutaya wofota, wosweka ndi wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi yemwe satha ndi kuphika. Jumbo iliyonse ilembedwe dzina la zomwe zili m'katimo, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndi tsiku lomwe yamangidwa. Katoni ikagwedezedwa pasamveke chogubuduka, ndipo mipata itsekedwe ndi nyuzipepala. Nyuzipepala ya kwathu ndiyo yabwino, chifukwa achimwene adzaitambasula n'kuiwerenga.

Kalatayo

Tsopano katundu wayesedwa, fomu yalembedwa poyeserera papepala lina, ndipo mlongo angakhale pansi ndi cholembera. Nachi chitsanzo cha kalata yomwe angalembe.

Lilongwe, 3 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kuno tonse tilipo. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, koma abambo akuti sinakwane yobzalira, akudikira ina.

M'katonimu muli zinthu zisanu ndi ziwiri. Muwerenge mukangotsegula, ndipo china chikasowa mutiuze.

Usipa agula ndi amalume ku Nkhotakota, anabwera nawo okha Lamulungu. Muuviike m'madzi ofunda pang'ono musanaphike kuti mchenga utsike. Mukamakazinga mutsegule zenera, paja munati kukhitchini kwanuko belu la moto silichedwa kulira. Wotsala muusunge m'chitini chomwecho, pouma.

Nsinjiro asinja ndi amayi, mtedza wa m'munda mwathu. Muyambe ndi imeneyi chifukwa sichedwa kusasa, ndipo mukatsegula muiike m'firiji. Mfutso ndi wa agogo, nkhwani za kudimba. Akuti muuviike kaye ufewe, muwiritse ndi tomato ndi mchere, nsinjiro ilowe pomaliza, ndipo musachoke pamoto chifukwa imapserera. Ndalemba momwe anenera. Akutinso ndikufunseni ngati kumeneko mukupeza tchalitchi.

Kambuzi ndi wanga. Ndi woyabwa kuposa wa chaka chatha, muthire pang'ono. Tiyi ndi wa alamu anu, akuti mupatseko mnzanu uja anakulandirani ku bwalo la ndege. Shati tasonkherana ine ndi mng'ono wanu, telala wayesera pa shati yanu yabuluu munaisiya ija. Ikathina musaope kunena. Muichape payokha koyamba, isasukulukire zovala zina. Chipewa aluka ndi amayi usiku. Akuti pa chithunzi munatumiza chija makutu anali pamtunda.

Ufa sitinaike chifukwa cholemera, ndipo nyama yofutsa yomwe abambo anakonza tadya kuno, poti malamulo akumeneko salola. Musadandaule, idzakhalapo ina mukabwera.

Mwana wanga wayamba kuyenda, akugwira mipando. Mbuzi yamawanga ija yaswa awiri. Mtengo wa mango wa kuseri wabereka mpaka nthambi imodzi yathyoka.

Kalatayi sikufuna yankho lalitali, tikudziwa kuti muli ndi mayeso. Mungotiuza kuti zafika, ndipo mukapeza mpata muwaimbire agogo ndi amalume.

Onse akupereka moni.

Ndine mlongo wanu.

Kalatayi ikuoneka yamba, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito. Tsiku lili pamwamba chifukwa phukusi la papositi limatha masabata panjira, ndipo wolandira ayenera kudziwa kuti nsinjiro yakhala nthawi yaitali bwanji. Chiwerengero cha zinthu chatchulidwa koyambirira, ndipo chikufanana ndi mizere ya pa fomu ya kunja, kuyambira usipa mpaka chipewa. Ngati katoni inatsegulidwa panjira n'kuchotsedwamo kanthu, achimwene adziwa nthawi yomweyo.

Chimene ine ndimachiona chachikulu ndi maina a opereka. Kwathu phukusi silichokera kwa munthu mmodzi. Amalume anakwera minibasi, agogo anafutsa nkhwani miyezi yapitayo, alamu anagula tiyi ndi ndalama zawo zochepa. Wotumiza akangolemba kuti takutumizirani tizinthu, achimwene adzathokoza iye yekha, ndipo kumudzi agogo adzakhala akudikira mawu omwe sadzabwera. Madandaulo oti wapita kunja waiwala abale nthawi zina amayamba chonchi, pomwe mnyamatayo sanauzidwe n'komwe kuti athokoze yani. Mlongo wolemba kalata ndiye mboni ya onse amene sanathe kulemba okha. N'chifukwa chake mawu a agogo awalembe momwe anatulukira, osawakonza kuti amveke achisukulu.

Kaphikidwe nako si kongodzazira pepala. Anyamata ambiri amakwera ndege asanaphikepo mfutso, ndipo amachita manyazi kufunsa. Khitchini ya ku hositelo ndi yogawana ndi anthu a maiko ena, ili ndi belu lomva utsi msanga, ndipo fungo la usipa wokazinga limayenda m'makonde onse. Chenjezo la mzere umodzi limapulumutsa achimwene ku mkangano ndi anzawo. Kunena zomwe sizinaikidwe, ufa ndi nyama, kumathetsa kukayikira kwakuti mwina zabedwa panjira.

Onaninso nkhani zomwe zasankhidwa: mwana, mbuzi, mango. Masiku ano banja limalankhulana pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nkhani yofulumira imafika kalata isananyamuke. Kalata ya m'phukusi ndi ya nkhani zosatha ntchito msanga, zazing'ono zomwe palibe amaziimbira foni. Nkhani ya matenda aakulu kapena maliro isayende m'katoni. Ikafika patatha mwezi, munthu ali yekha m'chipinda, popanda womufunsa mafunso, imapweteka koposa, ndipo zinthu zimakhala zitasintha kale. Zotero zinenedwe pakamwa, pa foni.

Pali china chomwe kalatayi yasiya dala, ndipo pamenepa ndilankhula mosabisa. Mulibe pempho. Makalata ambiri operekeza mphatso amayamba ndi usipa n'kuthera pa fizi, feteleza kapena foni yatsopano. Wolandira akawerenga amaona kuti usipawo unali nyambo, ndipo phukusi lotsatira amalitsegula mtima uli m'mwamba. Zosowa za pakhomo n'zenizeni, sindikukana. Koma tidziwenso momwe wophunzira amakhalira kumeneko. Chiphaso chake chimamuloleza kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata m'nthawi ya sukulu, lendi imadya gawo lalikulu la ndalama zomwe amalandira, ndipo digiri ya chaka chimodzi ndi yothithikana. Ngati pali chosowa, chinenedwe tsiku lina, mwachindunji, pachokha. Mawu akuti kalatayi sikufuna yankho lalitali ndi mphatso ina kwa munthu amene ali pakati pa mayeso.

Kalata ilembedwe pamanja, iikidwe m'envelopu, envelopuyo ilowe m'kajumbo kuti mafuta a nsomba asaifike, ndipo igone pamwamba penipeni. Mukumbukire kuti a kasitomu ali ndi mphamvu yotsegula chilichonse, choncho manambala achinsinsi a ku banki ndi nkhani zobisika za banja zisalembedwe. Pambali pa kalata ya Chichewa muikenso kapepala ka Chingerezi kotchula zinthu zomwe zili m'katoni, dzina la wolandira, keyala yake ndi nambala yake ya foni. Pepala la kunja likang'ambika kapena kunyowa, kapepala aka ndi kamene kadzapulumutse phukusi. Palinso lamulo lina lomwe ambiri salidziwa. Malamulo a mapositi a dziko lonse amalola m'phukusi makalata a pakati pa wotumiza ndi wolandira, kapena anthu okhala nawo nyumba imodzi, koma osati a anthu ena. Aneba akabwera ndi envelopu yoti achimwene akapatsire mwana wawo ku Manchester, auzeni mwaulemu kuti aitumize payokha.

Likayenda ndi munthu

Maphukusi ambiri a kwathu sadutsa ku positi ofesi. Amayenda ndi wina wa kutchalitchi kapena mnzawo wa achimwene amene akubwerera, kunyamuka pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka, kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Njirayi ndi yachangu, koma mlandu wonse wa zomwe zili m'katimo umagwera wonyamulayo. Pa bwalo la ndege amafunsidwa ngati walongedza yekha chikwama chake ndiponso ngati wina wamupatsira kanthu. Choncho phukusi lipite kwa iye losatseka, aone chilichonse ndi maso ake, atseke yekha. Kulemera mugwirizane pasadakhale, chifukwa chikwama chimodzi pa ndege zambiri chimalekezera pa makilogalamu 23, ndipo iyenso ali ndi katundu wake. M'kalatamo mutchule dzina lake ndi zomwe mwagwirizana, kuti achimwene adziwe ngati ayenera kukatenga okha kapena kumubwezera ndalama yotumizira kuchokera ku mzinda womwe akafikire.

Likachedwa

Keyala ikopedwe ndendende momwe achimwene aitumizira, m'zilembo zikuluzikulu, ndi nambala ya chipinda ndi positikodi. Ku Britain positikodi ndiyo imalozera msewu weniweni, ndipo chilembo chimodzi cholakwika chimatumiza katoni kwina. Dzina likhale la pa pasipoti, osati lomwe timawaitanira pakhomo, chifukwa kokatenga amafuna chiphaso. Mufunsenso ngati adzakhala pamalo omwewo miyezi iwiri ikubwerayi. Ophunzira amasamuka m'mahositelo mapangano a lendi akatha, makamaka pakati pa chaka, ndipo phukusi lofika mwini wake atachoka limavuta kulilondola. La Khirisimasi linyamuke kumayambiriro kwa Novembala, chifukwa mu Disembala mapositi amadzaza.

Potumiza, pemphani njira yokhala ndi nambala yolondolera. Nambalayi imakhala ndi zilembo ziwiri kumayambiriro, manambala 9 pakati, ndi MW kumapeto kusonyeza kuti yachokera ku Malawi. Jambulani lisiti, fomu ndi katundu yense musanatseke katoni, mutumize zithunzizo kwa achimwene tsiku lomwelo. Phukusi lodzidzimutsa limakoma pa maganizo, koma ndi limene limabwezedwa kawirikawiri. Ngati pali msonkho wolipira, a positi amatumiza kakhadi kapena uthenga, ndipo amasunga phukusi kwa masabata pafupifupi atatu okha, kenako amalibweza komwe lachokera. Munthu amene sakuyembekeza kanthu amatha kukataya kakhadiko poganiza kuti n'kotsatsa malonda. Achimwene achenjerenso ndi mauthenga a pa foni a akathyali onamizira kuti ndi a positi, omwe amachuluka nyengo ya Khirisimasi. Asanalipire chilichonse afananize nambala yomwe yatchulidwa ndi ya pa lisiti lomwe munawajambulira.

Katoni ikafika itamatidwanso ndi selotepi yachilendo, ndiye kuti inatsegulidwa pachipata. Achimwene atenge kalata, awerenge zinthu chimodzichimodzi. Ngati a kasitomu alanda kanthu, kawirikawiri amapereka chikalata chonena chomwe atenga ndi chifukwa chake, ndipo chikalatacho chithandiza banja kudziwa choti lisadzaikenso. Ngati kanthu kasowa popanda chikalata chilichonse, kapena phukusi lonse silinafike, wokadandaula ndi wotumiza, ku positi ofesi komwe analiperekera, atanyamula lisiti, nambala yolondolera ndi zithunzi zija. Malamulo a mapositi amapereka miyezi 6 kuchokera tsiku lotumiza kuti dandaulo lotere lilandiridwe.